Nkhani yanga ya bafa la m'nyumba ikungomveka phokoso, ndiitaye?

"Zikomo akulu. Ndikulemba nkhani yayifupi ya banja lina la ku Chinamwali, ku Zomba, lomwe likumanga bafa ndi chimbudzi cha m'nyumba koyamba ndi ndalama zomwe watumiza mwana wawo wa ku Joni. Bambo akufuna likhale kuchipinda kwawo, mayi akufuna likhale la aliyense, agogo, omwe ndi amayi awo a mayiwo, sakulifuna n'komwe. Ndalemba masamba 6, koma anzanga akuti ndi phokoso lokhalokha, ena akuti za chimbudzi si zolemba. Ndiitaye?"

Musaitaye, chemwali. Anzanu akuti za chimbudzi si zolembawo asakutayitseni mtima, chifukwa pakhomo pa Mmalawi palibe malo ena oonetsa bwino amene amaopa mnzake, amene amalamula ndi amene amatumidwa kuposa kumene anthu amasambira ndi kudzithandizira. Koma akuti phokosowo amvereni. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuwerenga ndi kukonza zolemba za achinyamata, nkhani za mkangano wa m'banja zomwe zimamveka phokoso zimadwala nthenda imodzi: aliyense amanena chomwe akufuna, mnzake n'kukana, woyamba uja n'kubwereza mokweza mawu, mpaka masamba kutha. Palibe chomwe chikuletsa aliyense kupeza zofuna zake kupatula pakamwa pa mnzake. Ndikuganiza kuti inuyo nyumba ya banjali simunaijambule, ndipo simunafunse kuti madzi oipa akatuluka m'bafamo apita kuti.

Tengani pepala, mujambule nyumbayo musanalembenso chiganizo china. Ndikupatsani chitsanzo choti mugwirepo, musintha nokha. Chinamwali ndi malo otsetsereka, ndiye tinene kuti msewu uli kumtunda, nyumba yayang'ana kumsewuko, ndipo malo akutsetserekera kuseri. Kutsogolo kuli pabalaza ndi chipinda cha bambo ndi mayi. Kuseri kuli chipinda cha agogo, kachipinda ka atsikana, ndi kastolo komwe amasungamo matumba a chimanga, koyandikana ndi khitchini. Pakona yakumunsi, kuseri kwa mpanda, anansi awo ali ndi chitsime chomwe mabanja angapo amatungapo mpope ukauma. Mukajambula zimenezi mwapeza kale mtsutsi wachinayi amene sakalipa, sakwiya, koma sagonja: malo enieniwo.

Chifukwa chake n'chakuti chimbudzi cha madzi sichimangidwa paliponse pomwe mwininyumba waloza. Zonyansa zimatuluka pa paipi yaikulu ya mamilimita 110, ndipo paipiyo iyenera kupendekeka pang'onopang'ono njira yonse mpaka kukafika ku sepitiki thanki, dzenje lomangidwa ndi lovundikira momwe zonyansazo zimakasonkhana. Mapulambala amakonda kuti pa mita iliyonse paipi itsike ndi masentimita 2 ndi theka. Ikagona kwambiri, madzi amayenda mwaulesi ndipo zolimba zimatsalira, paipi n'kutsekeka. Ikakhota pakona, pamafunika kabokosi ka njerwa kokhala ndi chivundikiro koti azitsegula potokosa ikatsekeka, ndipo kabokosi kalikonse ndi simenti, njerwa ndi ndalama ya mmisiri. Madzi akachoka mu sepitiki thanki amapita mu sokawe, dzenje lodzaza miyala lomwe limawalowetsa m'nthaka, ndipo a zaumoyo amalangiza kuti dzenje lotere litalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, komanso lisakhale kumtunda kwa chitsimecho. N'chifukwa chake pulambala wanzeru amafuna bafa likhale pakhoma lakunja, kumbali yomwe malo atsetserekera, pomwe paipi ingatuluke molunjika, zenera n'kupezeka, ndi paipi yotulutsa mpweya n'kukwera kupitirira denga.

Tsopano bwererani kwa anthu anu muone mmene mkangano wasinthira. Chipinda cha bambo chili kutsogolo, kumtunda. Bafa likakhala kumeneko, paipi iyenera kuzungulira nyumba yonse, tinene mamita 16, kukhota pamakona awiri, kuti ikafike kuseri. Ndalama za ku Joni zija sizikwana, kapena zikwana koma matailosi ndi chitseko palibe. Njira ina n'kukumba sepitiki thanki kutsogolo, pabwalo pomwe alendo amafikira ndi pomwe amakhazika anthu pa chinkhoswe kapena pa maliro. Bambo amene amafuna ulemu apezeka kuti ulemuwo mtengo wake ndi chivundikiro cha konkire pakhomo penipeni. Kastolo ka chimanga ndiko kali pabwino kwa pulambala, paipi yake mamita 4 okha, koma kagundana ndi khitchini, ndipo chimanga chikasowa pokhala. Chikatuluka m'nyumba chipita kuti, m'tauni momwe nkhokwe ya panja anthu anaisiya kalekale poopa akuba? Kachipinda ka atsikana nako kali pakhoma labwino, koma ndiye kuti atsikanawo azikagona ndi agogo kapena pabalaza. Ndipo kulikonse komwe bafa lingakhale kuseriko, sokawe ikuyandikira chitsime cha anansi. Palibe malo aulere. Aliyense amene wapambana, pali wina amene walipira, ndipo wowerenga ayamba kudzifunsa kuti alipire ndani. Funso limenelo ndi lomwe likusowa m'masamba anu 6 aja.

Musachite mantha kuti nkhani isanduka buku la mapulambala. Manambala onsewa ndi anu, wowerenga safunika kuwaona onse. Zimakwana kuti pulambala afike, amvetsere bambo akulongosola ndi manja, iye osayankha, atenge botolo la madzi, athire pabwalo, onse n'kumayang'ana komwe madziwo akulowera. Akatero angoti, "Bwana, madzi akuti kuseri." Chiganizo chimodzi chimenecho chachita ntchito yomwe masamba awiri a kukalipirana sakanatha.

Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu kuposa mapaipi, n'chakuti anthu anu akunena zoona zawo poyera kwambiri. Ndikukayika ngati m'nyumba yeniyeni ya ku Zomba mkamwini angayang'ane apongozi ake aakazi m'maso n'kutchula za chimbudzi. Mwati agogowo ndi amayi awo a mayi. Ndiye funsani kaye: malowo ndi a yani? Madera ozungulira Zomba ambiri amatsata chikamwini, ndipo ngati nyumbayo ili pa malo a kuchikazi, bambo aja ngakhale anaumba njerwa ndi manja awo amadziwa mumtima kuti ndi obwera. Bafa la kuchipinda kwawo, lokhala ndi chitseko chomwe apongozi sangadutsepo, ndi kachigawo kokhako ka nyumba komwe angati ndi kawo. Koma ngati puloti anagula okha ndi ndalama za pantchito, zinthu zatembenuka: agogo ndiwo mlendo, ndipo kukana kwawo ndi kwa munthu amene akuona kuti mawu ake akutha mphamvu m'nyumba ya mwana wake. Nkhani ziwirizi n'zosiyana, sankhani imodzi. Ine ndikadasankha yoyambayo, chifukwa ikupatsa bambo chifukwa chomwe sangachitchule.

Ganizirani zomwe bafa la aliyense likutanthauza kwa anthu awiriwa. Kale, bafa la udzu kapena la malata lili kuseri, chimbudzi chokumba chili pakona ya mpanda, munthu amanyamuka mwakachetechete, ena n'kumachita ngati sakuona, ndipo ukafika pafupi umakhosomola kapena kuona chitenje chokolekedwa pampanda n'kudziwa kuti muli munthu. Mtunda wa pabwalowo ndiwo unkasunga ulemu. Tsopano chitseko chili pakolido, masitepe atatu kuchokera pabalaza. Mkamwini atuluka atamangirira thaulo, akumana ndi apongozi maso ndi maso. Apongozi alowa, ndipo aliyense amene akudya nsima pabalaza akumva madzi akukhuthuka. Agogo sangafotokoze zimenezi pamaso pa mkamwini. Chomwe anganene n'chakuti, "Chakudya ndi zakuthengo denga limodzi? Ife sitinaonepo." Bambo nawo sanganene kuti akuthawa apongozi, angoti, "Nyumba zamakono amamanga choncho." Mukaona bwino, awiriwa akuopa chinthu chimodzi, ndipo akanakhala oti amalankhulana momasuka bwenzi atagwirizana tsiku loyamba. Amene watsala pakati ndi mayi, amene akunyamula mawu kuchoka kwa amayi awo kupita kwa amuna awo, akuwachepetsa ukali m'njira. Lembani mkanganowo choncho, wodzera mwa mayi, wodzera mwa ana, wolankhulidwa kwa pulambala koma wolunjika kwa wina. Mwachitsanzo:

"Afunseni bambo anuwo," anatero agogo akuyang'ana mtsikana, ngakhale bambowo anali chikhalire pampando pomwepo, "ngati chimanga chawalakwira."

"Auzeni agogo kuti chimanga sichinalakwe," bambo anayankha akuyang'ana wailesi. "Koma sichisamba."

Palibe wakweza mawu, koma wowerenga wamva kuti mpeni walowa.

Mayi musawasiye ngati wonyamula mauthenga chabe. Iwo ndiwo akudziwa za madzi. Thanki ya chimbudzi yamakono imakhuthula pafupifupi malita 6 nthawi imodzi, zakale zija malita 9. Banja la anthu 7, aliyense akalowa kanayi patsiku, ndi malita 168, kuposa zigubu 8 za malita 20, osawerengera kusamba. Madzi akamatuluka, zimenezi zimaonekera pa bilu kumapeto kwa mwezi. Mpope ukauma, zimaonekera pamutu pa atsikana, chifukwa chimbudzi cha madzi chopanda madzi chimaipa msanga kuposa chokumba. Ndiye mayi akamati bafa likhale la aliyense, mwina akuwerengera kuti ndani azikolopa, ndani azitunga, ndiponso kuti amayi awo okalambawo, omwe maondo akuwavuta, asamatulukenso usiku mvula ili pamsana kupita pakona ya mpanda. Pamenepa pali chinthu chokoma: munthu amene bafalo lingamuthandize kwambiri ndi yemwe akulikana. Chimbudzi chokhala ngati mpando n'chofewa kwa wokalamba kuposa chonjuta, koma agogo angalolere kuvutika kusiyana n'kukhala pomwe wakhala mkamwini wawo.

Mwana wa ku Joni uja musamuiwale. Iye sali pakhomopo, koma ndalama ndi zake, ndipo amaimba foni kufuna zithunzi. Iye akufuna matailosi oyera oti aonetse anzake, mwina akuganizanso zodzabwera ndi mkazi pa Khirisimasi. Aliyense m'nyumbamo amutchula pofuna kulimbikitsa mfundo yake: "Mwini ndalama anati chakuti." Mungathe kumusiya osalankhula n'kamodzi komwe m'nkhani yonse, azingomveka kudzera m'zomwe ena akumunamizira.

Pali funso lina lomwe ndikufuna muliyankhe m'ndime yoyamba: chifukwa chiyani lero? Banja lomwe lakhala zaka 20 ndi chimbudzi chokumba silidzuka m'mawa n'kuyamba kukangana za bafa popanda chochititsa. Simukusowa pogwira. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi zimbudzi zambiri m'chigawo cha kummwera, pa nthawi yomwe dziko linali kale pa mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022. Chimbudzi chokumba chikagwa ndi mvula, banja limayamba kupempha kwa anansi, ndipo manyazi a bambo wamkulu akuodira pakhomo la eni m'mamawa ndi okwanira kuyambitsa nkhani. Koma musalembe za namondweyo masamba awiri. Mzere umodzi wonena za dzenje lomwe linatitimira ndi wokwanira, aliyense wa ku Zomba akumbukira yekha zotsalazo.

Wofotokoza nkhani akhale ndani? Mukalowa m'mutu mwa aliyense, nkhani yayifupi imabalalika. Ine ndingasankhe mtsikana wa zaka 12 kapena 13. Ndiye amatumidwa kukanena mawu, ndiye amagwirira pulambala tepi, ndiye angataye chipinda, ndiye adzatunge madzi, ndipo ali pa msinkhu woti chitseko chokhala ndi loko chili ndi tanthauzo lalikulu kwa iye, tanthauzo lomwe akuluakulu onse sakuliganizira. Amamva zonse koma samvetsa zonse, ndiye wowerenga amakhala ndi ntchito yodzazira yekha mipata. Vuto la njira imeneyi n'lakuti olemba ambiri amamupatsa mwanayo nzeru za munthu wa zaka 40, n'kuyamba kutifotokozera za chikamwini ngati mphunzitsi. Musatero. Iye angoona kuti bambo ake akamva ndodo ya agogo pakolido amabwerera kuchipinda, osadziwa chifukwa.

Kumathero ndi komwe nkhani zotere zimagwera kawirikawiri. Ambiri amathetsa ndi agogo atalowa m'bafa, atasamba pa shawa, akumwetulira n'kuvomera kuti zamakono n'zabwino. Mathero amenewo ndi a chikalata cholengeza malonda, ndipo amasandutsa agogo chitsiru chomwe chimangofunika kuphunzitsidwa. Mfundo ya agogo ili ndi mutu. Bafa lomangidwa molakwika limanunkhadi, limanyowetsadi khoma mpaka penti kusupuka kuchipinda choyandikana nacho, ndipo sokawe yoyandikira chitsime imadwalitsadi anthu. Apatseni mpata woti apambaneko penapake.

Ndikupatseni chinthu chimodzi chochokera ku ntchito ya mapaipi chomwe chingakuthandizeni kumathero. Pansi pa chimbudzi cha madzi, komanso pansi pa sinki ndi pabowo lotulukira madzi a shawa, paipi imapindika n'kusunga timadzi pang'ono. Timadzi timeneto ndi tomwe timatseka mpweya wa mu sepitiki thanki kuti usabwerere m'nyumba. Malowo akakhala milungu ingapo osagwiritsidwa ntchito, makamaka nyengo yotentha ya mu Okutobala, timadzi tija timauma, ndipo fungo limalowa. Pabowo la shawa ndi pomwe pamayamba, chifukwa pamakhala madzi ochepa. Tsono taganizirani: bafa lamangidwa m'kastolo muja, lakongola, zithunzi zapita ku Joni. Masiku oyamba ana alowamo mosangalala, sepitiki thanki yayamba kugwira ntchito. Kenako bambo akupitiriza kusambira panja poopa kukumana ndi apongozi, agogo sanapondemo, mayi aona bilu yoyamba n'kukhoma chitseko kuti likhale la alendo. Patapita milungu, fungo layamba kumveka kukhitchini. Agogo sanena kanthu, angonyamula mbale yawo kukadyera pakhonde. Pulambala aitanidwa mwaukali, anunkhiza, athira jagi imodzi ya madzi pabowo paja, n'kunena kuti bafali vuto lake n'lakuti palibe akusambamo. Apa banja lakakamizika kusankha amene azilowamo, ndipo mkangano wa malo uja waonekera poyera kuti unali wa chiyani. Sindikuti mulembe zimenezi ndendende. Ndikungokuonetsani kuti mathero abwino amatuluka m'zinthu za m'nkhani momwemo, osati mu ulaliki wa wolemba.

Pa nkhani ya mawu, tsatirani mmene anthu anu angalankhulire. Agogo anganene kuti "kuseri" kapena "kuthengo", mayi anganene "kudzithandiza", ana anganene "toileti", pulambala angatchule zinthu mosabisa chifukwa ndi ntchito yake, ndipo kusabisa kwake pamaso pa apongozi ndi mkamwini kungakupatseni nthabwala yabwino kuposa iliyonse yomwe mungapeke. Nthabwala za fungo ndi phokoso la m'mimba zichepe kwambiri, chifukwa zikachuluka wowerenga amaseka anthu anu m'malo moseka nawo limodzi, ndipo akonzi a masamba a Chichewa m'nyuzipepala, omwe amawerengedwa ndi banja lonse, angaibweze. Chenjeraninso ndi ndime zophunzitsa ukhondo. Mukangoona wina m'nkhani wayamba kulankhula ngati mlangizi wa zaumoyo pa sikelo ya ana, dulani.

Masamba 6 aja mwina atsala 4. Yambirani pa tsiku lomwe pulambala wabwera kudzayeza, osati pa tsiku lomwe mwana anakwera basi ya ku Joni. Zochitika zitatu kapena zinayi zikukwanira, ndipo chilichonse chisiye malo amodzi atatsekeka, kuti banjalo lizipanikizika likamapita kutsogolo.

Mukamaliza kulembanso, musabwerere kaye kwa anzanu aja. Pitani ndi chojambula cha nyumba chija kwa pulambala weniweni, mumufunse komwe iye angaike bafa ndi chifukwa chake, ndipo mumvetsere mawu omwe akugwiritsa ntchito, chifukwa amenewo ndi omwe muike m'kamwa mwa pulambala wanu. Ngati mukufuna kutchula mitengo ya simenti kapena matailosi, funsani kusitolo sabata yomwe mukulembayo, kapena musatchule n'komwe, poti mitengo ikusintha msanga ndipo nkhani imakalamba nayo. Kenako muwerengere mokweza mayi wachikulire wa kudera lomwe mwaika nkhaniyo. Akakuuzani kuti "mkamwini sangayankhe choncho", khulupirirani iwowo kuposa ine, chifukwa miyambo ya apongozi imasiyana mudzi ndi mudzi, ndipo ya m'tauni inafewa mosiyanasiyana. Pokhapokha awiriwa atavomera m'pamene mungaitengere kwa mkonzi kapena ku gulu la alembi, monga a bungwe la Malawi Writers Union, kuti akuthandizeni za kalembedwe. Ndipo ngati nkhaniyi mwaitenga kwanu kwenikweni, monga ndikuganizira poona mmene mwawadziwira anthuwa, sinthani dera, chiwerengero cha ana ndi ntchito ya bambo isanatuluke, chifukwa apongozi a munthu akadzizindikira m'nyuzipepala pa nkhani ya chimbudzi, mlandu wake ufika kwa ankhoswe.